Dawunilodi Ikaduka Pakati: Nambala Imene Imapulumutsa Bandulo Yanu

Tiyerekeze kuti mukudawuniloda fayilo ya mamegabaiti 700. Yafika pa 60 peresenti, kenako magetsi azima, kapena netiweki yathawa, kapena bandulo yatha. Zinthu zikabwerera m'malo mwake mukudina batani lopitiriza. Nthawi zina kamzere kaja kamayambira pomwe kanalekezera, mtima n'kukhala pansi. Nthawi zina kamabwerera pa ziro, ndipo mamegabaiti 420 amene munawalipira apita ngati madzi. Ambiri timaimba mlandu netiweki. Koma netiweki inangodula ulendo. Zoti ulendowo upitirire kapena uyambirenso zimagamulidwa m'mizere iwiri kapena itatu imene foni yanu ndi seva zimatumizirana musanaone chilichonse pa sikirini.

Seva ndi kompyuta imene ikusunga fayiloyo, kwinakwake kutali. Burawuza yanu imayankhula nayo m'chiyankhulo chotchedwa HTTP, ndipo kuyankhulanako n'kwachidule: burawuza imatumiza pempho, seva imabweza yankho, nkhani yatha. Pempho loyamba la fayilo yathu limaoneka chonchi:

```
GET /maphunziro.zip HTTP/1.1
Host: example.com
```

Seva isanayambe kutumiza fayilo yeniyeniyo, imatsogoza kamutu kofotokoza zimene zikubwera:

```
HTTP/1.1 200 OK
Content-Length: 734003200
Accept-Ranges: bytes
ETag: "65f1a2b0-2bc00000"
```

Nambala ya 200 ikutanthauza kuti zonse zili bwino, fayilo yonse ikubwera. Mzere wachiwiri ukunena kukula kwake: mabaiti 734,003,200, omwe ndi mamegabaiti 700 aja. Baiti ndi kagawo kakang'ono kamene timayezera mafayilo. Chilembo chimodzi wamba, monga a kapena b, chimatenga baiti imodzi. Mzere wachitatu ndi lonjezo: seva ikunena kuti mukadzafuna chidutswa chabe cha fayiloyi, mudzatchule malire ake m'mabaiti, idzakupatsani. Mzere wachinayi tiusunge kaye, chifukwa ndi umene uli ndi nkhani yaikulu.

Mabaiti amafika mondondozana, kuyambira woyamba mpaka womaliza, ndipo burawuza imawalemba mu fayilo yongoyembekezera. Pa Chrome dzina lake limathera ndi `.crdownload`, pa Firefox limathera ndi `.part`. Ambiri amaziona mufoda ya madawunilodi n'kuzifufuta poganiza kuti ndi zinyalala. M'menemo ndi mmene muli mamegabaiti 420 anu.

Tsopano ulendo waduka. Burawuza ikayeza fayilo yongoyembekezera ija ikupeza mabaiti 440,401,920. Mabaiti amawerengedwa kuyambira pa 0, osati pa 1, choncho amene ali nawo ndi kuyambira 0 mpaka 440,401,919. Woyamba kusowa ndi wa nambala 440,401,920, nambala yofanana ndendende ndi kukula kwa zimene zafika kale. Apa kuwerenga kuyambira pa ziro kwatichepetsera ntchito: palibe chowonjezera kapena kuchotsera. Burawuza imatumizanso pempho lomwe lija, koma ndi mzere umodzi watsopano:

```
GET /maphunziro.zip HTTP/1.1
Host: example.com
Range: bytes=440401920-
```

Kamzere kopingasa kopanda nambala kutsogolo kwake kakutanthauza kuti mpaka kumapeto. Seva imatsegula fayilo, kulumpha mabaiti onse oyambawo osawawerenga, n'kuyankha:

```
HTTP/1.1 206 Partial Content
Content-Range: bytes 440401920-734003199/734003200
Content-Length: 293601280
```

Onani kuti nambala yasintha, tsopano ndi 206: chikubwera ndi chidutswa. Mzere wa `Content-Range` ukunena pomwe chidutswacho chayambira, pomwe chathera, ndi kukula kwa fayilo yonse. Baiti yomaliza ndi 734,003,199, chifukwa tinayamba kuwerenga pa ziro. Ndipo `Content-Length` sikunenanso za fayilo yonse, ikunena za chidutswa chokha: mabaiti 293,601,280, omwe ndi mamegabaiti 280. Mukaphatikiza 420 ndi 280 mupeza 700. Burawuza imalumikiza mabaiti atsopanowa kumchira kwa akale aja, ikamaliza imachotsa `.crdownload` padzina, fayilo yakwana.

Njira imeneyi si yatsopano. Inalowa m'malamulo a HTTP/1.1 amene anasindikizidwa mu Januwale 1997 m'chikalata chotchedwa RFC 2068, nthawi imene anthu ambiri ankalowa pa intaneti kudzera pa waya wa telefoni wa m'nyumba, woti munthu akangonyamula foni kuchipinda china, zonse zaduka. Lero malamulowo ali mu RFC 9110 ya mu Juni 2022, koma mizere yake ndi yomweyo.

Seva sikumbukira munthu

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti mu HTTP mulibe lamulo loti "ima kaye". Batani loimitsa limene mumaliona ndi la burawuza yanu yokha, seva sidziwa n'komwe kuti lilipo. Mukalidina, pulogalamu ina imangodula kulumikizana konse nthawi yomweyo. Ina imangosiya kulandira mabaiti, njira n'kukhalabe yotsegula. Zikatero seva imaona kuti zimene ikutumiza sizikuyenda, imadikira pang'ono, kenako imatseka. Pa nginx, imodzi mwa mapulogalamu ofala kwambiri oyendetsera maseva, nthawi yodikirayo ndi masekondi 60 ngati mwini seva sanaisinthe.

N'chifukwa chake pa mawebusayiti ena mukaimitsa kwa masekondi ochepa zimapitirira bwinobwino, koma mukaimitsa n'kupita kukadya nsima mumapeza zayambiranso. Poyamba paja njira inali isanatsekedwe, ndiye panalibe chopitiriza, mabaiti anangoyambanso kuyenda. Kachiwiriko njira inali itatsekedwa, pankafunika pempho latsopano la `Range`, ndipo seva imeneyo sidziwa kuliyankha.

Njira ikatsekedwa, seva sisunga chilichonse choti idzapitirizire nacho dawunilodi yanu. Sidalira kaundula aliyense wonena kuti wakutiwakuti analekezera pa baiti yakuti. Chikumbumtima chonse chili pa foni kapena kompyuta yanu: chidutswa chija ndi kukula kwake. Kwa seva, kupitiriza ndi pempho lachilendo lochokera kwa mlendo amene akufuna fayilo kuyambira pakati. Ena angaone ngati kufooka, koma ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali nzeru yeniyeni ya kapangidweka. Popeza seva sikumbukira, mukhoza kuyamba pa wayifayi ya kuntchito masana, n'kukamalizira pa bandulo ya usiku kunyumba, adiresi yanu ya pa intaneti itasintha. Seva ikhoza kuzimitsidwa n'kuyatsidwanso, kapenanso pempho lanu lachiwiri likhoza kufikira kompyuta ina ya kampani yomweyo. Zonsezi sizisokoneza kanthu, bola fayilo ikhale yomwe ija.

Bola fayilo ikhale yomwe ija

Apa ndi pamene zinthu zimavuta, ndipo zimavuta mwakachetechete. Tiyerekeze kuti munalekezera Lolemba, ndipo Lachiwiri mwini fayilo anaikamo phunziro lina n'kuibwezera pa dzina lomwelo, `maphunziro.zip`. Lachitatu mukupempha kuyambira pa baiti 440,401,920. Seva, posadziwa zimene muli nazo, ikupatsani mokhulupirika mchira wa fayilo yatsopano. Mukulumikiza mutu wa fayilo yakale ndi mchira wa yatsopano. Zili ngati wophunzira amene anapangitsa fotokope buku mpaka tsamba 420, n'kubwera tsiku lina kudzapitiriza pa 421, osadziwa kuti pashelefu aikapo buku losindikizidwa kachiwiri limene masamba ake anasuntha: manambala a masamba akutsatana bwino, koma chiganizo cha pansi pa 420 sichikumana ndi cha pamwamba pa 421.

Dawunilodi yotere imafika pa 100 peresenti popanda chenjezo lililonse. Vuto mumalizindikira pambuyo, zipu ikakana kutseguka, vidiyo ikaima pakati, kapena pulogalamu ikalephera kulowa mukompyuta. Kuyambiranso pa ziro n'kowawa, koma izi n'zoipa kuposa pamenepo, chifukwa mwalipira mamegabaiti onse 700 ndipo mulibe kanthu.

Mankhwala ake ndi mzere wachinayi uja tinausunga. `ETag` ndi chidindo chimene seva imapereka pa fayilo monga ilili panthawiyo. Fayilo ikasintha, chidindo chimasintha. Seva iliyonse ili ndi kapangidwe kake ka chidindo. Ya nginx imatenga nthawi imene fayilo inasinthidwa komaliza ndi kukula kwake, n'kuzilemba m'manambala a makompyuta: `2bc00000` amene ali m'chitsanzo chathu ndi 734,003,200 yemweyo. Burawuza sifunika kumvetsa tanthauzo la chidindocho. Ntchito yake ndi kuchisunga pamodzi ndi chidutswa chija, n'kuchibweza popitiriza:

```
Range: bytes=440401920-
If-Range: "65f1a2b0-2bc00000"
```

Mizere iwiriyi pamodzi ikunena kuti: ngati chidindo chikadali ichi, ndipatseni chotsala, ngati chasintha, musavutike ndi chidutswa, ndipatseni fayilo yonse yatsopano. Chidindo chikafanana, yankho ndi 206. Chikasiyana, yankho ndi 200, burawuza imataya zakale zija n'kuyamba pa ziro. Zonse zimatheka ndi pempho limodzi, popanda kufunsa kaye n'kudikira yankho, ndiponso popanda mpata woti fayilo isinthe pakati pa kufunsa ndi kutenga. Choncho nthawi zina kamzere kakabwerera pa ziro, si kuti china chawonongeka. Burawuza yakutetezani ku fayilo yosakanikirana.

Pali zidindo zamitundu iwiri. Chidindo champhamvu chimalonjeza kuti baiti iliyonse ndi yomweyo. Chidindo chofooka, chimene chimayamba ndi `W/`, chimangolonjeza kuti tanthauzo la zamkati silinasinthe ngakhale mabaiti ena atasiyana. Kwa munthu wowerenga tsamba la pa intaneti chofookacho n'chokwanira. Kwa amene akulumikiza zidutswa n'chopanda ntchito, ndipo malamulo a HTTP amaletsa kuchiika mu `If-Range`. Ngati seva sinapereke chidindo, burawuza ikhoza kugwiritsa ntchito deti la mu `Last-Modified`. Limagwira ntchito, koma limawerenga masekondi athunthu okha, ndiye fayilo yosinthidwa kawiri m'sekondi imodzi ikhoza kudutsa osaoneka.

Chidindo chodalira nthawi chili ndi kavuto kakenso. Kampani ikakhala ndi maseva angapo osunga fayilo imodzimodzi, ndipo fayiloyo inakopedwa pa seva iliyonse pa nthawi yosiyana, zidindo zimasiyana ngakhale mabaiti ali ofanana. Pempho lanu lachiwiri likagwera pa seva ina, mumayambiranso popanda chifukwa chenicheni. Apa wolakwa ndi woyendetsa masevawo, inu palibe chimene mungachite.

Amene amagwiritsa ntchito kompyuta ali ndi zida ziwiri zodziwika zopitirizira pamanja, curl ndi wget. Pa Windows 10 ndi 11 curl imabwera ili kale m'kati.

```
curl -C - -O https://example.com/maphunziro.zip
wget -c https://example.com/maphunziro.zip
```

Zonse ziwiri zimayeza fayilo imene ili pa disiki n'kutumiza `Range` yoyenera. Koma samalani: sizinasunge chidindo cha ulendo woyamba, ndiye sizitumiza `If-Range`. Zimangokhulupirira kuti chidutswa chimene chili mufoda ndi mutu wa fayilo imene ili pa seva. Buku la malangizo a wget limachenjeza lokha za zimenezi. Pa fayilo yofunika, monga yoikira Linux kapena pulogalamu ya ndalama, mwini wake nthawi zambiri amalemba nambala yaitali ya SHA-256 pafupi ndi linki. Mukamaliza, werengetsani yanu ndi `sha256sum maphunziro.zip` pa Linux, kapena `certutil -hashfile maphunziro.zip SHA256` pa Windows. Baiti imodzi yokha ikasiyana, nambala yonse imatuluka yosiyana.

Seva ikakana

Palibe lamulo lokakamiza seva kulemekeza `Range`. Ili ndi ufulu wonyalanyaza mzerewo n'kutumiza fayilo yonse ndi 200. Pulogalamu yolembedwa bwino imayang'ana nambala imeneyi isanalembe kanthu. Yolembedwa mosasamala imatenga fayilo yonseyo n'kuimata kumchira kwa chidutswa chakale, ndipo mumatsala ndi chimfayilo cha mamegabaiti 1,120 chosatseguka. Mukaona kuti fayilo yakula kupitirira kukula kumene kunalembedwa, dziwani kuti n'zimene zachitika. Curl ikakumana ndi seva yotere imaima n'kutulutsa cholakwa nambala 33, chidutswa chanu osachikhudza.

Seva zambiri zimene zimakana sizichita dala. Fayilo imene yangokhala pa disiki ndi yosavuta: kukula kwake n'kodziwika, ndipo kulumphira pa baiti ina iliyonse n'kwa kanthawi kochepa. Apache ndi nginx zimachita zimenezi zokha popanda wozikonza. Vuto limabwera pamene chimene mukudawunilodacho sichinalipo musanachipemphe. Mukasankha zithunzi makumi atatu pa malo osungira zinthu pa intaneti n'kudina kuti zibwere pamodzi, seva nthawi zambiri imamanga zipu ija uku ikutumiza. Sidziwa kuti ithera pa baiti iti, n'chifukwa chake burawuza imangoonetsa mamegabaiti amene afika, osanena otsala. Ndipo ikaimanganso mawa, palibe chitsimikizo choti mabaiti adzakhala pamalo omwewo. Lipoti limene likuchokera m'nkhokwe ya deta nthawi yomweyo, monga sitetimenti ya ku banki, ndi chimodzimodzi. Langizo langa ndi lakuti netiweki ikakhala yosadalirika, mafayilo aakulu muziwatenga imodziimodzi, osati m'zipu yomangidwa pompopompo.

Kufinya nakonso kumasokoneza. Maseva amakonda kufinya masamba ndi gzip potumiza kuti achepe. Malire a `Range` amawerengedwa pa mabaiti ofinyidwawo, osati pa oyambirira, ndipo seva imene ikufinya uku ikutumiza singalumphire pakati. Nginx ikamachita zimenezi imachotsa lonjezo la `Accept-Ranges` n'kusandutsa chidindo kukhala chofooka. Pa masamba ang'onoang'ono palibe amene amadandaula. Mwamwayi mazipu ndi mavidiyo ndi ofinyidwa kale, ndiye seva yokonzedwa bwino siwafinyanso.

Palinso chifukwa china chofala kwambiri: fayilo ilipo pa disiki ndithu, koma wolemba webusayiti anaidutsitsa m'kapulogalamu kake kofufuza kaye ngati mwalowa ndi pasiwedi, ndipo kapulogalamuko kamangowerenga fayilo kuyambira poyamba mpaka pomaliza osayang'ana `Range`. Malo ambiri ophunzirira pa intaneti opangidwa mothamanga ali ndi nthenda imeneyi, ndipo amene amaimva kuwawa ndi wophunzira wa bandulo yochepa, osati wolembayo amene anayesera pa intaneti yothamanga ya muofesi.

Mayankho ena awiri ndi oyenera kuwadziwa. Loyamba ndi 416, lonena kuti malire amene mwapempha ali kunja kwa fayilo. Limabwera ndi mzere wonga `Content-Range: bytes */734003200` wokuuzani kukula kwenikweni. Kawirikawiri tanthauzo lake ndi labwino: fayilo inakwana kale, ndipo mukupempha kuyambira pa 734,003,200 pomwe palibe baiti yotero. Koma ngati nambala ili m'yankholo ndi yochepa kuposa zimene muli nazo, ndiye kuti fayilo ya pa seva inasinthidwa n'kuchepa. Lachiwiri ndi 403, kukanizidwa. Malinki ambiri a mafayilo aakulu amakhala ndi nthawi yothera, yobisika m'zilembo zambirimbiri za kumapeto kwa adiresi. Nthawiyo ikadutsa, seva imakana pempho isanafike n'komwe pa mzere wa `Range`. Chidutswa chanu sichinawonongeke. Bwererani pa tsamba, tengani linki yatsopano, ndipo uzani curl kuti ipitirize pa fayilo yomwe ija: `curl -C - -o maphunziro.zip` kenako linki yatsopanoyo m'kati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa. Popeza seva sikumbukira, sifunsa kuti mutu munautenga ndi linki iti.

Mukafuna kudziwiratu musanawononge bandulo, pemphani mabaiti 100 oyamba okha n'kuona kamutu ka yankho:

```
curl -r 0-99 -D - -o mayeso.bin https://example.com/maphunziro.zip
```

Mukaona 206, seva imeneyo idzakulolani kupitiriza. Mukaona 200, dinani Ctrl ndi C msanga, chifukwa fayilo yonse yayamba kubwera. Kuyesa kotereku n'kodalirika kuposa kungoyang'ana `Accept-Ranges`, poti pali maseva amene salemba mzerewo koma amapereka zidutswa, ndipo ena amaulemba pa fayilo ina osati pa inzake.

Pamene simukufuna fayilo yonse

Kupitiriza ndi ntchito imodzi chabe ya `Range`. Malire akhoza kulembedwa m'njira zitatu: `bytes=0-99` ndi mabaiti 100 oyamba, `bytes=500-` ndi kuyambira pa 500 mpaka kumapeto, ndipo `bytes=-500` ndi mabaiti 500 omaliza, ngakhale musakudziwa kukula kwa fayilo. Njira yachitatuyi imaoneka yachilendo mpaka mutadziwa kuti mafayilo ena amasunga mndandanda wa zamkati kumchira.

Zipu ndi yotero. Kumapeto kwake kuli mndandanda wa mafayilo onse amene ali m'katimo, ndi nambala ya baiti pomwe iliyonse yayambira. Pulogalamu yochenjera ikhoza kupempha kamchira kokha, kuwerenga mndandandawo, kupeza kuti phunziro limene mukufuna lili pakati pa baiti yakuti ndi yakuti, n'kupempha zimenezo zokha. Mwa mamegabaiti 700 mukhoza kulipira 5 okha.

Mavidiyo ndi amene amadalira njirayi tsiku lililonse. Mu fayilo ya MP4 muli kagawo kotchedwa `moov`, komwe ndi kalozera wonena kuti chithunzi cha pa mphindi yakuti chili pa baiti yakuti. Seva sidziwa za mphindi, imadziwa mabaiti okha. Mukakoka kadontho n'kukaika pa mphindi 40, pulogalamu yoonetsera vidiyo imayang'ana m'kalozera, kupeza baiti yake, kusiya pempho lakale, n'kutumiza `Range` yatsopano. Mphindi zimene mwalumpha sizidya bandulo yanu. Makamera ndi mapulogalamu ambiri amalemba kalozerayu kumapeto, chifukwa amamaliza kumudziwa kujambula kukatha. Pa seva yopereka zidutswa si vuto lalikulu, pulogalamu imapita kumchira kukamutenga n'kubwerera. Pa seva yokana, vidiyo singayambe mpaka yonse itafika. N'chifukwa chake oika mavidiyo pa intaneti amasunthira kalozera kutsogolo ndi ffmpeg, pogwiritsa ntchito `-movflags +faststart`. Safari ya pa iPhone ndiye siseka n'komwe pa nkhaniyi: imayamba yapempha mabaiti awiri okha, `bytes=0-1`, ndipo seva ikalephera mayeso amenewa vidiyo imakana kuonetsa. Malo aakulu oonera makanema amawonjezera njira zawo, monga kudula vidiyo m'tizigawo ta masekondi ochepa, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Nanga mapulogalamu othamangitsa dawunilodi aja? Chinsinsi chawo ndi chomwechi. Amagawa fayilo, tinene panayi, n'kutsegula njira zinayi nthawi imodzi. Pa fayilo yathu gawo lililonse ndi mabaiti 183,500,800: loyamba ndi `bytes=0-183500799`, lachiwiri ndi `bytes=183500800-367001599`, motero mpaka kumapeto. Gawo lililonse limalembedwa pamalo pake mufayilo. Zimathandiza pamene seva imaika malire a liwiro pa njira iliyonse, kapena pamene seva ili kutali kwambiri moti njira imodzi siitha kudzaza mpata umene muli nawo. Koma ngati pothina ndi pa netiweki ya foni yanu, njira zinayi zimangolimbirana kampata komweko, ndipo liwiro silisintha. Dziwaninso kuti fayilo yosatha ya pulogalamu yotere ili ndi mabowo pakati. Kukula kwake sikunena pomwe yalekezera, ndiye musaipitirize ndi `curl -C -`. Pulogalamuyo imasunga payokha kaundula wa magawo amene afika, monga kafayilo kothera ndi `.aria2` kamene aria2 imaika pambali. Mukafufuta kameneko, pulogalamuyo sidziwanso kuti mabowo ali pati.

Malamulo amalolanso kupempha zidutswa zingapo m'pempho limodzi, monga `bytes=0-99,5000-5099`. Seva imazitumiza m'yankho limodzi la mtundu wa `multipart/byteranges`, chilichonse chili ndi kamutu kake. Mwayi umenewu unabweretsa tsoka mu Ogasiti 2011, pamene kunatuluka kapulogalamu kotchedwa Apache Killer. Kankatumiza pempho lalifupi lokhala ndi malire mazanamazana olowererana, onse a fayilo imodzi. Apache inkayesa kukonza chidutswa chilichonse payokha, memore n'kudzaza, ndipo kompyuta imodzi wamba inkatha kugwetsa seva yaikulu. Vutoli linalembedwa ngati CVE-2011-3192, ndipo Apache 2.2.20 yolikonza inatuluka kumapeto kwa mwezi womwewo. Pambuyo pake anawonjezera lamulo la `MaxRanges`, limene mwachizolowezi limalola zidutswa 200 pa pempho limodzi. Wopempha zoposa pamenepo amangopatsidwa fayilo yonse ndi 200. Nginx ili ndi lamulo lofanana nalo, `max_ranges`, ndipo woyendetsa seva akaliika pa 0 ndiye kuti watseka zidutswa zonse, kuphatikizapo kupitiriza dawunilodi. Kuliika pa 1 kumatseka khomo limene Apache Killer inalowera, koma kupitiriza, kulumpha mu vidiyo ndi kugawa fayilo panayi zimagwirabe ntchito, chifukwa chilichonse mwa izi chimapempha chidutswa chimodzi pa pempho lililonse.